Kuwerenga munda pa chithunzi: ndi dera liti, ndi mwezi uti

Kumapeto kwa Julayi alamu anga amene amagulitsa mbatatesi kwa okazinga tchipisi ku Lilongwe ananditumizira chithunzi pa foni. Munthu wina anawauza kuti ali ndi munda wa mbatatesi ku Tsangano m'boma la Ntcheu, wajambula dzulo lake, akumba pakatha masabata awiri, ndipo angotumiza ndalama ya matumba ndi aganyu kuti katunduyo akhale wawo.

"Alamu, inu ndinu a kumapiri konko, tandionereni. Nditumize?"

Ndinawauza kuti adikire kaye. Zimene ndinachita ndi chithunzicho ndi zimene ndikulemba apa, motsata ndondomeko yake, chifukwa munda sunama mwezi ngakhale mwini foni atanama.

Yambani ndi m'mphepete, mbewu ibwere pambuyo

Diso limathamangira pakati pa chithunzi pamene pali mbewu yobiriwira. Likanizeni. Kulitsani chithunzicho ndi zala ziwiri, muyende m'mbali mwake monse: udzu wa m'malire, njira, mitengo, phiri la kumbuyo, thambo. Mbewu munthu akhoza kuithirira mwezi uli wonse, koma palibe amene amathirira tchire.

Udzu waufupi, wanthete, wongophuka pa nthaka yakuda ndi lupsa ukutanthauza mvula yoyamba, chakumapeto kwa Novembala kapena Disembala. Udzu wautali wobiriwira umene wayamba kutulutsa ngala ndi wa Febuluwale ndi Malichi. Mukaona maluwa achikasu a deliya atadzaza m'mbali mwa njira, muli m'masika, cha mu Epulo mpaka Juni. Udzu wouma wofiirira koma wosapsa ndi wa nyengo yozizira, ndipo moto ukadutsa, phiri nkuda, thambo nkuchita utsi, ndiye kuti chilimwe chafika, Seputembala kapena Okutobala.

Funso loyamba limene mukuyankha apa ndi limodzi: mbewu iyi ndi ya mvula kapena ya kudimba? Ambiri amasochera pomwepa. Mukaona mbewu yobiriwira bwino pamene tchire lonse lauma, funani ngalande, mabedi, paipi, kheni, chitsime kapena mpanda wa mapesi wotchinga mbuzi. Munda wa mvula umakhala ndi mizere yaitali yopingasa chitunda, ulibe mpanda, chifukwa m'dzinja ziweto zimakhala pa chingwe kapena ndi abusa.

Pa chithunzi cha alamu, udzu wa m'malire unali wobiriwira, wofika m'chiuno. Panalibe ngalande, ndipo munda unali pamtunda wotsetsereka, osati m'dambo. Thambo linali ndi mitambo yolemera ya mvula. Ku Tsangano mu Julayi kumachita chifunga ndi mawawa, inde, koma mawawa sabwezera udzu wouma kukhala wobiriwira chotere. Ndinali nditayamba kale kukayika.

Tchulani mbewu, koma mutsimikize ndi zizindikiro ziwiri

Tonse tinakulira m'munda, ndiye timaganiza kuti sitingasokoneze mbewu. Pa chithunzi chimene chafinyidwa ndi foni, chojambulidwa patali, zimasokoneza ndithu. Lamulo langa ndi lakuti ndisatchule mbewu chifukwa cha tsamba lokha. Ndimafuna tsamba ndi chinthu china: duwa, kabzalidwe, kapena kaimidwe ka mtengo wake.

Mbatatesi ndi tomato ndi pachibale, masamba ake amafanana patali. Tomato amakhala ndi timitengo tomangirira ndi timaluwa tachikasu tating'ono. Mbatatesi imakhala pa mzere wobandira, wonenepa, imakuta nthaka ngati chitsamba chachifupi, ndipo duwa lake ndi loyera kapena lofiirira motuwira, pakati pali kansonga kachikasu.

Soya, nyemba ndi khobwe zonse zili ndi timasamba titatu pa phesi limodzi. Soya amaima chilili, msinkhu wofanana munda wonse, masamba ake ndi aubweya osawala, ndipo kawirikawiri amabzalidwa payekha, mizere iwiri pamwamba pa mzere umodzi. Nyemba kwathu kuno zimakonda kukhala m'chimanga, zina zikuyanga pa phesi, masamba ake osongoka ngati mtima. Khobwe ali ndi masamba osalala onyezimira ndipo amayala pansi. Mtedza suvuta mukakulitsa bwino: timasamba tinayi, tiwiri uku tiwiri uku, ndi timaluwa tachikasu m'munsi.

Chimanga ndi mapira zikakhala zazing'ono musalumbire. Dikirani muone kunsonga. Chimanga chimatulutsa ngayaye pamwamba ndi chisononkho m'mbali, pamene mapira alibe kanthu m'mbali, njere zonse zili pa ngala ya kunsonga.

Pa chithunzi chija patsogolo panali mbatatesi yochita maluwa munda wonse. Kumbuyo kunali chimanga chotulutsa ngayaye, ndipo nditakulitsa ndinaona nyemba zitayanga m'mapesi.

Dera limadziwika ndi mbewu zimene zakhalira limodzi

Chimanga pachokha sichikuuzani kanthu, chili paliponse kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Chimene chimathandiza ndi anzake amene chakhala nawo, komanso mitengo ya m'mbali.

Maboma athu awiri, Dedza ndi Ntcheu, ali ndi ubwino wakuti madera atatu osiyana nyengo ali pafupipafupi. Mukachoka pa boma la Dedza, pamene pali potalika mamita oposa 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, nkutsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere kukafika ku Golomoti ndi ku Mtakataka, mwatsika pafupifupi mamita 1,000 m'kanthawi kochepa. Jekete limene munavala kumtunda mumalivula musanafike pansi. Mbewu nazo zimasintha chimodzimodzi.

Kumapiri ozizira, monga Bembeke, Lizulu, Mlangeni, Njolomole ndi Tsangano, ndi kwa mbatatesi, kabichi, tomato, anyezi, nsawawa ndi nyemba. Mitengo yake ndi paini, bulugamu, mapichesi pafupi ndi nyumba, ndi masuku m'tchire. Minda imakhala yotsetsereka, matanthwe akuonekera. Mukaona munda wooneka ngati udzu wofesa, wosanjika bwino, wokhala ndi ngala zandevu m'miyezi yozizira, ameneyo ndi tirigu, ndipo kuno Tsangano ndiye kwake.

Kuchigwa chapakati chopita ku Lilongwe, monga Linthipe, Lobi ndi Chimbiya, minda imatambasuka, nthaka nthawi zambiri ndi katondo wofiira, ndipo mumaona chimanga, soya, mtedza ndi fodya. Chigafa cha udzu chopachikamo fodya chikaoneka kumbuyo kwa chithunzi, ganizani za madera otere, ngakhale kuti chigafa chomwecho mungachipeze ku Mchinji, ku Dowa kapena ku Kasungu.

Kunsi kotentha, monga Golomoti, Mtakataka, Kasinje, Sharpevale, Bilira ndi chigwa chonse cha Bwanje, ndi kwa thonje, mpunga, mapira, khobwe ndi chimanga chocha msanga. Mtengo umodzi wokha ukhoza kumaliza mlandu: mlambe. Mlambe sumera kumapiri ozizira a Bembeke. Masau ndi migwalangwa nazonso ndi za kotentha. Mpunga wa m'maplotimu olinganizidwa bwino okhala ndi ngalande za simenti umakumbutsa sikimu ya Bwanje, koma samalani, masikimu ofanana nayo ali ku Zomba, ku Nkhotakota ndi ku Karonga. Nandolo wambiri m'chimanga amakukokerani chakummwera kwa Ntcheu, mbali ya Manjawira yopita ku Balaka, kapena kupitirira mpaka m'chigawo cha kummwera.

Njira yabwino ndi yochotsera, osati yolozera. Musanene kuti "apa ndi pa Bembeke". Nenani kuti "apa si ku Golomoti, si ku Bwanje", kenako muone chimene chatsala. Mbatatesi ya mvula pamtunda, nyemba m'chimanga, ndi paini pa phiri zinachotsa dziko lonse la kunsi. Munthu uja ponena kuti ndi ku Tsangano akhoza kukhala kuti sananame. Koma chithunzi chomwecho chikanatha kujambulidwa ku Bembeke, ku Ntchisi, ku Neno, kapena kungodumpha msewu wa M1 pa Lizulu nkulowa ku Angonia m'dziko la Mozambique, kumene nthaka, mbewu, mizere ndi anthu ake ndi amodzimodzi. Mbewu sizidziwa malire a dziko.

Msinkhu wa mbewu ndiye kalendala

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ndikhalitsapo.

Kuwerenga kumayambira pa tsiku lobzala. M'dera lathu mvula yobzalira imagwa pakati pa theka la Novembala ndi theka la Disembala zaka zambiri. Tengani chiyambi cha Disembala ngati poyambira, koma musiye mpata wa masabata awiri kapena atatu mbali zonse, chifukwa chaka china mvula imachedwa ndipo ena amabzala kachiwiri.

Chimanga ndicho wotchi yodalirika kuposa zonse, chifukwa pafupifupi aliyense amabzala ndi mvula yoyamba. Chofika m'mawondo chili ndi mwezi umodzi, ndiye kuti ndi kumapeto kwa Disembala kapena kumayambiriro kwa Januwale. Chofika m'chiuno kapena pachifuwa, mizere yangobandiridwa kumene, ndi pakati pa Januwale. Ngayaye zimatuluka pakatha masabata 8 mpaka 10, ndipo ndevu zimatsatira m'masiku ochepa. Mukakulitsa chithunzi, onani mtundu wa ndevuzo. Zikakhala zanthete, zoyera kapena zofiirira monyezimira, chimanga changoyamba kubereka. Zikauma nkuda, papita masabata awiri kapena atatu, ndiye nthawi ya mondokwa yayandikira, chakumapeto kwa Febuluwale ndi Malichi. Masamba a m'munsi akauma ndi makoko nkuyera, ndi Epulo. Mikukwe itaima m'munda ndi chakumapeto kwa Epulo mpaka Juni. Mapesi ogona ndi mbuzi zikuyendamo ndi Julayi kupita m'tsogolo.

Pali zinthu ziwiri zimene zimakhotetsa wotchi imeneyi. Choyamba ndi mtundu wa mbewu: Kanyani amathamanga, Njovu imachedwa, ndipo pa chithunzi simungasiyanitse. Chachiwiri ndi kuzizira. Mbewu imodzimodzi yobzalidwa tsiku limodzi, ya ku Golomoti imatulutsa ngayaye ya ku Bembeke isanaganize nkomwe, ndipo anthu a kunsi amakhala akukolola pamene kumtunda chimanga chikadali ndi madzi. Nchifukwa chake dera liyenera kudziwika kaye mwezi usanatchulidwe. Mukazindikira kuti ndi kumapiri, kankhirani mwezi m'tsogolo pang'ono. Mukazindikira kuti ndi kunsi, ubwezeni m'mbuyo.

Musayese msinkhu ndi kutalika kokha. Chimanga chopanda feteleza kapena chogwidwa ndi kaufiti chimatulutsa ngayaye chili chofika m'chiuno. Ngayaye ndi ndevu zimanena zaka zake zoona, kutalika kumangonena za chakudya chimene chapeza.

Mbatatesi ndi wotchi yosadalirika payokha, chifukwa kumapiri kuno imalimidwa katatu: ya mvula yoyamba, ina yobzala mvula ikupita kumapeto cha mu Febuluwale ndi Malichi, ndi ya kudimba m'chilimwe. Duwa la mbatatesi mungalione mu Januwale, mu Epulo, kapena mu Ogasiti. Chimene duwalo limanena motsimikiza ndi msinkhu wa mbewuyo: imachita maluwa pakatha masabata 6 mpaka 8 chibzalire, ndipo imakumbidwa pakatha miyezi itatu kapena inayi, masamba atachita chikasu nkugona. Pa nthawi ya maluwa pansi pamakhala tizibuluma ngati mazira a nkhuku kapena tochepera apo.

Ndiye muziphatikiza mawotchi awiri. Mbatatesi ya maluwa pambali pa chimanga cha ngayaye zatsopano ndi kumapeto kwa Januwale kapena Febuluwale. Mbatatesi ya maluwa pambali pa chimanga chouma ndi Epulo kapena Meyi. Mbatatesi ya maluwa m'dambo, mapiri ali ouma, ndi ya kudimba.

Mbewu zina zimangothandizira kutsimikiza. Fodya amene masamba a m'munsi athyoledwa, phesi lili mbulanda mpaka pakati, ndi wa Febuluwale kapena Malichi, pamene mabedi a nazale ofunditsidwa udzu m'mbali mwa mtsinje ndi a Seputembala mpaka Novembala. Soya wachikasu wothothoka masamba ndi wa kumapeto kwa Malichi ndi Epulo. Thonje loyera m'munda ndi la Epulo mpaka Juni. Nandolo wobiriwira yekha pakati pa mapesi ouma ndi wa miyezi yozizira.

Pali mtengo umodzi umene umapusitsa alendo. Nsangu imachita zosiyana ndi mitengo ina: imayoyola masamba m'dzinja, nkuphuka m'chilimwe. Mukaona mtengo waukulu wopanda masamba pakati pa chimanga chobiriwira, musathamangire kunena kuti ndi munda wothirira wa mu Okutobala. Mlambe ndiye umatsata nyengo mwachilungamo, masamba m'dzinja, mbulanda kuyambira cha mu Meyi kapena Juni mpaka mvula itayandikira.

Mthunzi, ngati ulipo

Izi ndi zowonjezera chabe, koma zimathandiza pamene chimanga cha kudimba chikufuna kukusokonezani. Dedza ndi Ntcheu ali pa madigiri pafupifupi 14 mpaka 15 kummwera kwa mzere wogawa dziko pakati. Dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pa chaka, chakumayambiriro kwa Novembala ndi cha mu sabata yachiwiri ya Febuluwale, ndipo masana a masiku amenewo munthu amaponda mthunzi wake. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limapendekera kumpoto, kotero kuti ngakhale nthawi ya 12 koloko mthunzi wa mtengo umatalika kuposa theka la mtengowo, kuloza kummwera. Tanthauzo lake ndi ili: mthunzi wautali sutsimikiza kanthu, chifukwa m'mawa ndi madzulo mthunzi umatalika mwezi uli wonse, koma mthunzi waufupi kwambiri sungakhale wa Juni kapena Julayi.

Pa chithunzi chija dzuwa linali litabowola mitambo, ndipo m'mphepete munali chitsa chachitali chimene mthunzi wake unali utaunjikana patsinde.

Kusonkhanitsa

Ndinawaimbira alamu nkuwawerengera. Udzu wobiriwira wautali, munda wa pamtunda wopanda ngalande, chimanga cha ngayaye ndi ndevu zosauma, nyemba zikadali zobiriwira, mthunzi waufupi. Zonsezi zikuloza malo amodzi pa kalendala, kumapeto kwa Januwale kapena Febuluwale, kudera la kumapiri. Palibe chimodzi mwa izo chimene chikugwirizana ndi Julayi. Mu Julayi ku Tsangano chimanga cha kumunda chili m'nkhokwe kapena m'matumba, ndipo cha kudimba chimakula mwaulesi ndi kuzizira, sichingaime chotere pamtunda.

"Komanso alamu," ndinatero, "ngakhale chikanakhala cha dzulo, mbatatesi ya maluwa chonchi sikumbidwa pakatha masabata awiri. Yatsala ndi mwezi ndi theka. Akakumba msanga mudzalandira timbatata tosupuka khungu timene okazinga tchipisi sangagule."

"Ndiye ndi wakuba ameneyu?"

Pamenepo ndinakana kuweruza. Chithunzi chinanena kuti si cha dzulo, basi. Alimi ambiri amasunga chithunzi chimodzi chokongola cha munda wawo nkumatumizira aliyense wofunsa, mwina chifukwa munda uli kutali, mwina foni ya kamera ndi ya mwana. Chithunzi sichinena kuti munda ndi wa yani, ndiponso sichinena chaka. Febuluwale wa chaka chino ndi wa zaka zitatu zapitazo amafanana. Ena amayesa kupeza chaka poona masamba obooka ndi ntchemberezandonda za mtundu watsopano, popeza mbozizi zinafika m'dziko muno m'nyengo ya 2016 mpaka 2017, koma kapuchi naye amaboola masamba ndipo analipo kalekale, ndiye ine sindidalira zimenezo.

Pemphani chithunzi china chimene inu mwachiitanitsa

Chomaliza ndi chosavuta. Muuzeni munthuyo apite kumunda masana, azike khasu kapena ndodo chilili pakati pa mzere, ajambule zithunzi zitatu. Chimodzi chapatali choonetsa malire, phiri ndi thambo. China chapafupi choonetsa masamba ndi nthaka. Chachitatu afukule phando limodzi, aike zimene zatulukazo padzanja, atikite khungu ndi chala. Mbatatesi yokhwima khungu lake silisupuka. Khasu loimalo likupatsani zinthu ziwiri, muyeso wa kutalika kwa mbewu ndi mthunzi, komanso palibe amene amakhala ndi chithunzi chakale chokhala ndi khasu pamalo pamene inu mwanena.

Ngati akutumiza pa WhatsApp, muuzeni atumize ngati Document, osati ngati chithunzi wamba. Chithunzi wamba chimafinyidwa, timasamba timasungunuka mukamakulitsa, ndipo tsiku limene kamera inalemba m'kati mwake limafufutika. Chotumizidwa ngati Document chimafika monga chinalili. Tsikulo likhoza kukhala lolakwika ngati wotchi ya foniyo inasokonekera, choncho mulione ngati mboni imodzi pakati pa udzu, chimanga ndi mthunzi, osati woweruza.

Alamu anatumiza uthenga umenewo madzulo omwewo. Patapita masiku awiri zithunzi zinabwera. Munda unali wina, wa m'dambo, mabedi afupiafupi ndi paipi yakuda ikudutsa pakati, mapiri a kumbuyo ali ofiirira, khasu litaima ndi mthunzi wake wautali ndithu. Mbatatesi inali itangotseka mizere, yopanda duwa ndi limodzi lomwe, ndipo padzanja panali timbulu ngati nzama. Ndinawauza alamu kuti imeneyo ayiwerengere cha mu Okutobala, ndipo za matumba akambirane nthawi imeneyo.